Chithunzi cha nyuzipepala pafoni: zimene timakhulupirira ndi zimene zili zoona

Nyuzipepala za tsiku ndi tsiku zimene timazidziwa kuno ku Chipata, monga Zambia Daily Mail ndi Times of Zambia, zimachokera kutali ndipo zimalembedwa m'Chingerezi. Kuchoka ku Lusaka kufika kuno pali makilomita oposa 550, moti pepala likamafika m'tauni muno nkhani zake zimakhala zitafika kale pafoni. Mwana amene ali ku Lusaka akaona nkhani ya chimanga kapena ya feteleza, amaijambula n'kutumizira makolo ake ku Mtenguleni, ku Chiparamba kapena ku Feni. Makolowo amanyamula foni kupita nayo kwa mphunzitsi, kwa mlembi wa kopaletivi kapena kwa mdzukulu amene anamaliza sukulu, n'kunena kuti, "Tatiuzeni zimene alemba apa."

Akuluakulu amakumbukira Tsopano, nyuzipepala ya Chinyanja imene boma linkatulutsa chifukwa cha ife a kum'mawa kuno. Imeneyo munthu ankaigwira m'manja, tsamba lonse lili pamaso pake, m'chinenero chake. Lero nkhani imatifika itadutsa pazipata ziwiri: yadulidwa ndi kamera, kenako iyenera kumasuliridwa. Ine ndine mmodzi wa anthu amene amapatsidwa foni kuti amasulire, ndipo ndinalakwitsapo.

Chaka china, chimanga chitangolowa m'nkhokwe, amalume anga anandibweretsera chithunzi cha nkhani ya wolemba wina amene amapereka maganizo ake mlungu ndi mlungu. Pamwamba panali mawu akuluakulu akuti "Sell maize now". Ndinayendetsa maso mofulumira, n'kuwauza kuti, "Amalume, apa akuti gulitsani chimanga tsopano." Patapita masiku awiri ndinaona tsamba lonse. Wolembayo ankanena zosiyana ndi zimenezo: ankachonderera alimi kuti asathamangire ogula oyendayenda m'midzi. Amalume anali atagulitsa kale matumba anayi. Liwu lililonse ndinalimasulira molondola, koma ndinasochera pa njira imene mawuwo ankayenda patsambalo. Zikhulupiriro zimene zinandisocheretsa n'zofala, ndipo chilichonse chili ndi kachoonadi kake. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

"Wodziwa Chingerezi amangowerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja"

Kalata, buku la kusukulu ndi uthenga wa pafoni zimawerengedwadi choncho. Koma tsamba la nyuzipepala linagawidwa m'madanga ang'onoang'ono otsika m'munsi. Danga limodzi limakula masentimita anayi kapena asanu okha, ndipo mzere umodzi umanyamula mawu asanu kapena asanu ndi limodzi. Kawerengedwe kake n'kofanana ndi kapaliridwe: umatsata mzere wako mpaka kumathero a munda, kenako n'kuyamba wina. Wodumphira mzere wa mnzake pakati pa munda amasiya udzu m'mbuyo.

Papepala, mpata woyera wa pakati pa madanga umaoneka bwino. Pafoni umachepa kwambiri, makamaka ngati tsamba linapindika, ndipo munthu akakulitsa chithunzi ndi zala amaona timizere ta madanga awiri titayang'anizana ngati mzere umodzi. Taonani chitsanzo ichi, chimene ndachikonza ndekha m'Chichewa kuti tonse tione bwino. Kamzere koimirira kakuimira mpata wa pakati pa madanga:

Alimi amene analipira | ngongole chaka chatha
msanga adzalandira | sadzapatsidwa kanthu
mbewu Lachisanu. | mpaka atabweza
Koma amene anatenga | ndalama zonse.

Tikatsika ndi danga loyamba, kenako lachiwiri, nkhani ikuti: alimi amene analipira msanga adzalandira mbewu Lachisanu, koma amene anatenga ngongole chaka chatha sadzapatsidwa kanthu mpaka atabweza ndalama zonse. Tikadutsa mopingasa, tikuyamba ndi "Alimi amene analipira ngongole chaka chatha msanga adzalandira", mawu omveka bwino, koma amene wolemba sananene. Chophimba m'maso n'chakuti madanga awiri a nkhani imodzi amakamba chinthu chimodzi, choncho mawu ake amagwirizana kwa kanthawi. Phokoso limadzamveka pamzere wachiwiri kapena wachitatu, ndipo womasulira wothamanga amangosalaza pokhota paja ndi nzeru zake.

Ndiye chinthu choyamba si kumasulira ayi, koma kupeza malire a nkhani. Pachithunzi cha amalume panali madanga anayi. Loyamba kumanzere linali la nkhani ina, ndipo linalekanitsidwa ndi kamzere kopyapyala kotsika m'munsi. Mutu wankhani unaphimba madanga atatu otsalawo. Lamulo lothandiza ndi ili: mutu uli ngati denga, ndipo madanga amene ali pansi pa denga limenelo ndiwo a nyumba imeneyo. Poyambira nkhani pamadziwika ndi dzina la wolemba, kapena chilembo choyamba chachikulu, kapena mawu oyamba olembedwa m'zilembo zazikulu.

Mukapeza malire, yesani mfundo iliyonse pamene danga likulumikizana ndi linzake. Werengani mokweza mawu atatu omaliza a danga loyamba pamodzi ndi mawu atatu oyamba a danga lachiwiri. Ngati apanga chiganizo chimodzi, njira yake ndi yomweyo. Ngati danga loyamba lathera pa mpumiro, koma lachiwiri layamba ndi chilembo chaching'ono pakati pa chiganizo, dziwani kuti pali mizere imene yatsala kunja kwa chithunzi. M'chitsanzo chathu chija, mzere wa m'munsi ukadulidwa, danga loyamba lithera pa "mbewu Lachisanu" ndipo lachiwiri liyamba ndi "ngongole chaka chatha sadzapatsidwa kanthu". Sadzapatsidwa ndani? Mwini nkhani wasowa. Chimenecho ndicho chizindikiro.

Samalaninso pamene chithunzi cha munthu kapena bokosi la malonda laikidwa pakati pa danga. Kawirikawiri nkhani imalumpha chithunzicho n'kupitirira pansi pake m'danga lomwelo, koma nthawi zina pansipo pamayamba nkhani ina. Muyeso wake ndi womwewo: lumikizani mawu a pamwamba ndi a pansi, mumve ngati akugwirana. Timawu tokhala m'munsi mwa chithunzi timafotokoza chithunzicho basi, si mbali ya chiganizo chimene munkawerenga.

"Mutu wankhani ndiwo mawu a wolemba, ndiwo nkhani yonse mwachidule"

N'zoona kuti mutu umakuuzani chimene nkhani ikukamba. Koma nthawi zambiri wolemba mutu si wolemba nkhaniyo. Ndi mkonzi amene amayala tsamba, ndipo amalemba mutu poyang'ana malo amene atsala. Akakhala ndi mpata wa mawu anayi, mutu udzakhala wa mawu anayi. Chifukwa cha kuchepa kwa malo, mitu ya Chingerezi ili ndi kalankhulidwe kakekake, kosiyana ndi Chingerezi cha m'kalasi.

Choyamba ndi nthawi. Mutu wakuti "Cooperative buys groundnuts" umaoneka ngati ukunena zimene zikuchitika, koma tanthauzo lake ndi lakuti kopaletivi yagula nshawa, zachitika kale. Wakuti "Cooperative to buy groundnuts" ukutanthauza kuti idzagula, sinayambe. Kusiyana kwakukulu kuli pa kaliwu ka zilembo ziwiri, kamene kangabisike pamene pepala lapindika. Kwa mayi amene ali ndi matumba a nshawa za Chalimbana pakhonde, "yagula" ndi "idzagula" ndiko kusiyana pakati pa kulipira ngolo lero ndi kudikira. M'Chichewa sitingabise nthawi ngati mmene Chingerezi cha m'mitu chimachitira, pakuti mneni wathu amafuna tisankhe: -a-, -ku- kapena -dza-. Kusankhako kuchokere m'ndime yoyamba ya nkhani, osati m'mutu.

Chachiwiri ndi mwini mawu. Nyuzipepala zathu zimakonda kuika maganizo a munthu m'mutu, kenako kamzere, kenako dzina la amene wanena. Apa ndi pamene ine ndinagwera. Mutu wonse wa nkhani ya amalume unali "Sell maize now — traders", kutanthauza kuti ochita malonda ndiwo akuti gulitsani chimanga tsopano. Kamera inadula kamzere ndi liwu lomaliza. Mawu a ogula anasanduka lamulo la nyuzipepala. Chikhala kuti ndinayang'anitsitsa, ndikanaona kuti mutuwo wafika m'mphepete mwenimweni mwa chithunzi, popanda mpata woyera pambuyo pake, ndiponso kuti danga lomaliza pansi pake linali lodulidwa zilembo. Mutu ukagunda m'mphepete mwa chithunzi, uoneni ngati wosatha. Kachizindikiro ka funso kamakhalanso kumapeto komweko, ndipo kakadulidwa funso limasanduka chilengezo.

Chachitatu ndi mawu ena akuluakulu amene sali mutu. Pakati pa danga lachitatu la nkhani ija panali bokosi la mawu olembedwa mokulitsa. Akonzi amatapa chiganizo chimodzi m'nkhani n'kuchikulitsa kuti chikope maso, ndipo chiganizocho chimapezekanso m'kati mwa nkhani pamalo pake penipeni. Mukachimasulira pamene bokosi laikidwa, mudula chiganizo china pakati, komanso munena chinthu chimodzi kawiri. M'bokosi la nkhani ya amalume munali mawu a wogula wina, amene wolemba anawatchula n'cholinga chowatsutsa m'ndime yotsatira.

Choncho mutu umasuliridwe pomaliza. Werengani nkhani yonse kaye, mudziwe amene akulankhula ndi nthawi imene zinthu zachitika, kenako bwererani kumutu. Pomasulira bwezeretsani zimene mkonzi anachotsa chifukwa cha malo: "Ochita malonda akuti alimi agulitse chimanga tsopano." Kaliwu kakuti "akuti" n'kakang'ono, koma kamabweza mawu kwa mwini wake.

"Mzere ukadulidwa pang'ono, munthu wanzeru amatha kulota chotsalacho"

Apanso pali choonadi. Chifukwa madanga ndi opapatiza, mawu ambiri amadulidwa dala kumapeto kwa mzere ndi kamzere kakang'ono, n'kumalizidwa pamzere wotsatira. Mukaona "fertil-" pamapeto ndi "iser" pachiyambi pa mzere wina, palibe chosowa. Lumikizani, ndi feteleza. Ngakhale kamera itadya zilembo ziwiri za liwu lalitali lodziwika, munthu wozolowera kuwerenga amalizindikira, ndipo palibe vuto kulibwezeretsa.

Koma pali zinthu zitatu zimene sitiyenera kulota, ngakhale titadzidalira chotani.

Choyamba ndi manambala. Liwu limadziulula lokha, koma nambala ilibe chodziwira. Ngati m'mphepete mukuoneka "K6" kenako chithunzi n'kutha, ikhoza kukhala K6, K60, K65 kapena K600, ndipo zonsezi zingakhale bwinobwino m'chiganizo chimodzimodzi. Alimi amadziwa kuti bungwe la Food Reserve Agency limafuna chimanga chouma kufika pa chinyezi cha 12.5 peresenti. Nambala imeneyi ikadulidwa kumanzere imasanduka 2.5, ikadulidwa kumanja imasanduka 12. Wodziwa kale za chimanga adzazindikira. Koma pa mtengo watsopano, pa tsiku lotsekera kulembetsa kapena pa chiwongoladzanja cha ngongole, palibe amene akudziwa kale, n'chifukwa chake anthu akufunsa.

Chachiwiri ndi mawu okana. M'Chichewa kukana kumamatirira ku mneni: "adzalandira", "sadzalandira". M'Chingerezi kukana kumaima pakokha, kaliwu ka zilembo zitatu, "not", ndipo kangagwe kumapeto kwenikweni kwa mzere. Kakadulidwa, chiganizo chimatsala chathunthu, chomveka, koma chitatembenuka. Chimodzimodzi ndi "un-" amene angatsale pamzere wapamwamba pamene "registered" watsikira pansi: osalembetsa asanduka olembetsa. Njira yodziwira ndi kuyeza kutalika kwa mizere. M'nyuzipepala zambiri mizere ya danga limodzi imathera pamalo ofanana kumanja, kupatula mzere womaliza wa ndime. Yang'anani danga lina lathunthu pachithunzi chomwecho, muwerenge zilembo za mzere umodzi pamodzi ndi mipata yake. Tinene kuti mwapeza 30. Ngati mizere ya danga lodulidwa ikuonetsa 25, ndiye kuti pamzere uliwonse pakusowa malo a zilembo pafupifupi zisanu. Malo amenewo akukwana "not" ndi mpata wake. Mukatero mwadziwa kukula kwa dzenje, ngakhale simukudziwa chimene chinali m'menemo.

Chachitatu ndi mayina a anthu ndi a malo. Kuno kwathu "Chi" wotsala m'mphepete akhoza kukhala Chipata, Chiparamba kapena Chipangali, ndipo "Cha" akhoza kukhala Chadiza, Chama kapena Chasefu. Kutumiza munthu ku depoti yolakwika ndi matumba pangolo si nkhani yaing'ono.

Nanga womasulira achite chiyani akafika pa dzenje? Anene poyera. Polankhula, anene kuti, "Apa, amalume, padulidwa. Akutchula mtengo woyamba ndi 6, koma manambala otsatira sakuoneka." Polemba, aike timadontho titatu ndi mawu akuti "padulidwa". Ena amaopa kuti akatero aoneka ngati sadziwa Chingerezi. Koma munthu amene wauzidwa kuti pali posowa amakafunsa, pamene wopatsidwa chiganizo chosalala amanyamuka n'kuchitapo kanthu. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

"Pamene chithunzi chathera ndi pamene nkhani yathera"

Anthu ambiri amene amajambula amatenga mutu ndi ndime zoyambirira, poganiza kuti zofunika zili pamwamba. Pa nkhani ya mtolankhani yonena zimene zachitika, kuganiza kumeneku kuli ndi maziko. Atolankhani amaphunzitsidwa kuika zazikulu m'ndime yoyamba: ndani, wachita chiyani, kuti, liti. Zotsatira zimanka zicheperachepera kufunika, kuti mkonzi akasowa malo adule kumunsi popanda kuwononga nkhani. Ngakhale pamenepo, yankho la munthu amene akunenedwa nthawi zambiri limakhala chakumapeto, choncho chithunzi cha pamwamba pokha chimapereka mbali imodzi ya mlandu.

Koma nkhani ya maganizo, ya wolemba amene ali ndi danga lake mlungu ndi mlungu, imayenda ngati mkulu woweruza pabwalo. Amayamba ndi kufotokoza zimene ena akunena, nthawi zina mokoma ndithu, kenako amatembenuka, ndipo chigamulo chake chimabwera pomaliza. Wochoka pabwalo mlandu uli pakati amakanena zosiyana ndi zimene zagamulidwa. Nkhani ya amalume inali yotere. Madanga awiri oyamba ankafotokoza zifukwa za ogula: anankafumbwe, kusowa kwa ndalama za sukulu, kuchedwa kwa misika. Mawu a wolemba mwiniwake anayamba m'munsi mwa danga lachitatu, pamene kamera sinafike.

Nkhani ya maganizo imadziwika ndi zizindikiro zingapo: kachithunzi ka nkhope ya wolemba pafupi ndi dzina lake, dzina la danga lake limene silisintha mlungu uliwonse, ndi kalankhulidwe ka "ine" ndi "ife". Mukaona zimenezi, musanene kuti "nyuzipepala yati" kapena "boma lati". Nenani kuti "wolemba uyu akuganiza kuti", ndipo musapereke chigamulo chake musanaone ndime yomaliza.

Kuti mudziwe ngati nkhani yatha, yang'anani pansi pa danga lomaliza. Chiganizo chithere pa mpumiro, ndipo pansi pake paoneke mpata woyera, kamzere kopingasa kapena chiyambi cha chinthu china. Mukaona timawu tating'ono monga "Continued on page 5" kapena "To page 5", nkhani yapitirira patsamba lina, ndipo kumeneko imayamba ndi "From page 1" pansi pa mutu waufupi umene ungasiyane ndi woyamba. Timawu timeneti si mbali ya chiganizo. Ndi chikwangwani cha pamphambano, chokuuzani kuti mupemphe chithunzi chachiwiri.

"Chafika lero, ndiye kuti n'cha lero"

Tsiku la nyuzipepala ndi dzina lake zimalembedwa m'kamzere kakang'ono pamwamba penipeni pa tsamba, ndipo ndi kamene kamayamba kudulidwa munthu akamayandikiza kamera ku nkhani. Chithunzi chimatha kuyenda m'mafoni zaka zingapo, n'kumabweranso nyengo iliyonse yokolola ngati chatsopano. Mawu monga "dzulo", "Lachisanu likudzali" ndi "chaka chino" alibe tanthauzo ngati tsiku la pepala silikudziwika.

Kwa ife a ku Chipata pali misampha iwiri ya ndalama. Pa 1 Januwale 2013 dziko la Zambia linachotsa maziro atatu pa kwacha. Mtengo wa K65,000 umene Food Reserve Agency inkagulira thumba la chimanga la makilogalamu 50 mu 2012 unayamba kulembedwa K65. Choncho mtengo wa thumba wokhala ndi maziro ambiri ukhoza kukhala wa nyuzipepala yakale. Ukhozanso kukhala wa tsidya lina la malire. Ku Mwami ndi pafupi, abale athu ali ku Mchinji ndi ku Lilongwe, ndipo zithunzi za The Nation ndi The Daily Times za ku Malawi zimatifikanso. Kwacha ya Malawi imalembedwanso ndi K, koma mphamvu yake ndi yosiyana kwambiri ndi yathu. Mukaona ADMARC, dziwani kuti nkhaniyo ndi ya ku Malawi. Womasulira ayambe ndi kunena dzina la nyuzipepala ndi tsiku lake, ndipo ngati sizikuoneka anene kuti sizikuoneka.

Mmene ndimachitira tsopano

Chithunzi chikafika, ndimatenga pepala ndi cholembera ndisanatsegule pakamwa. Ndimajambula mabokosi oimira madanga mmene akuonekera, n'kulemba 1, 2, 3 pa amene ali pansi pa mutu umodzi, ndipo a nkhani zina ndimawadula ndi mtanda. Ndimazunguliza zinthu zoima pazokha: mutu, mawu a m'bokosi, mawu a pansi pa chithunzi. Kenako ndimakopera Chingerezicho pamanja, danga ndi danga, ndikulumikiza mawu odulidwa dala ndi kusiya mpata paliponse pamene kamera yadya. Pamfundo iliyonse ya madanga ndimawerenga mokweza. Nkhani ikaima pamzere umodzi ngati kalata, m'pamene ndimayamba kumasulira, chiganizo ndi chiganizo, osati mzere ndi mzere, chifukwa mzere wa m'danga ndi muyeso wa malo chabe, pamene chiganizo ndicho chimanyamula nzeru. Nkhani ya madanga atatu imanditengera mphindi makumi awiri kapena atatu. Amene akudikira ndimawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mabowo akachuluka, mankhwala ake ndi chithunzi china, ndipo apa mawu anga akupita kwa inu ana athu amene mumatumiza. Yalani nyuzipepala patebulo, muisalaze ndi dzanja, makamaka pamene inapindidwa. Jambulani pamalo owala koma osati padzuwa lothobwa m'maso, foni italunjika pamwamba pa tsamba, osati chammbali. Chithunzi choyamba chikhale cha tsamba lonse, kuti dzina la pepala, tsiku ndi kayalidwe ka madanga zioneke. Kenako yandikirani, mujambule nkhaniyo m'zigawo, chigawo chilichonse chibwereze mizere iwiri kapena itatu ya chinzake, ndipo mbali zonse zinayi musiye kampata ka zinthu zoyandikana nazo. Ngati nkhani yapitirira patsamba lina, tsegulani mujambulenso.

Potumiza kumbukirani kuti WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chisadye mabandulo ambiri. Tsamba lalikulu la nyuzipepala limatalika kupitirira theka la mita, ndipo likapanikizidwa lonse m'chithunzi chimodzi chochepetsedwa, zilembo zazing'ono zimasungunuka: 3 amafanana ndi 8, 1 amafanana ndi 7, ndipo kadontho ka pakati pa manambala kamasowa. Sankhani HD musanatumize, kapena tumizani chithunzicho ngati Document kuti chifike mmene munachijambulira. Mabandulo owonjezerawo ndi ochepa poyerekeza ndi thumba limodzi logulitsidwa molakwika.

Amalume amabwerabe ndi foni yawo. Tsiku lina nditawauza kuti pansi padulidwa ndipo sindinganene mtengo, anaimbira mdzukulu wawo ku Lusaka pomwepo n'kumuuza kuti, "Iwe, jambulanso, uyambire pamwamba pali tsiku mpaka pansi." Chithunzi chachiwiri chinafika tisanamalize kumwa tiyi, ndipo nambala yonse inaoneka.

Inu amene mumapatsidwa foni kuti mumasulire, dziwani kuti amene wakupatsaniyo sadzaona tsamba limenelo ndi maso ake. Adzagulitsa, adzadikira kapena adzayenda ulendo potsatira mawu anu. Pezani kaye njira ya nkhani, nenani mwini mawu, ndipo pamene padulidwa nenani kuti padulidwa.